Zapier, Make kapena kasikiripiti ka Python: kulumikiza fomu, tebulo ndi malipiro

Tiyerekeze malo ophunzitsirapo maphunziro afupiafupi, monga kusoka kapena kompyuta. Mwezi uliwonse anthu 120 amalembetsa pa Google Forms, mayankho awo n'kugwera m'tebulo la Google Sheets. Mwa anthuwo 90 amalipira K45,000 aliyense kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Mwini malowo akufuna kuti munthu akalembetsa alandire linki yolipirira, akalipira mzere wake m'tebulo usinthe kukhala "walipira", risiti n'kupita pa imelo yake popanda wina kugona mochedwa akufananitsa mauthenga a pa foni ndi mayina. Manambalawa ndi achitsanzo chabe, koma tiwerengera pa iwo njira iliyonse.

Ntchitoyi ili ndi mbali ziwiri zosiyana kulemera kwake. Kuchotsa mayankho pa fomu n'kuwaika m'tebulo n'kopepuka, ndipo Google Forms imachita yokha. Povuta ndi pa ndalama: kutsimikiza kuti K45,000 yalowadi, kuti ndi ya munthu uyu osati mnzake wa dzina lofanana, komanso kuti yalembedwa kamodzi kokha. Tifananitsa njira zitatu: Zapier ndi Make, mapulogalamu a pa intaneti olumikiza mapulogalamu ena popanda kulemba khodi, komanso kasikiripiti kolembedwa m'chinenero cha makompyuta cha Python.

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Choyamba, ndalama zanu zimalowa bwanji? Ngati anthu amangotumiza ku nambala ya foni ya ofesi, palibe chida chilichonse mwa izi chimene chingaone malipirowo, chifukwa umboni wake ndi meseji yokhala mu foni. Kuti makina adziwe kuti munthu walipira, pafunika kampani yolandirira ndalama pa intaneti, monga PayChangu ya kuno ku Malawi, imene imalandira Airtel Money, Mpamba ndi makhadi. Kampani yotere imakupatsani linki yolipirira, ndipo ndalama zikalowa imatumiza uthenga ku adiresi ya pa intaneti imene mwaipatsa. Uthengawu ndi umene pa sikirini mumauona utalembedwa kuti `webhook`. Pano tiziutchula webuhuku. Maphunziro ambiri a pa intaneti amaonetsa zitsanzo za Stripe, koma bizinesi yolembetsedwa ku Malawi singatsegule akaunti ya Stripe, choncho zitsanzozo sizikuthandizani monga zilili.

Chachiwiri, malipiro aliwonse akhale ndi nambala yakeyake imene inu mwapanga, mwachitsanzo `KOSI-0047`, yolembedwa m'tebulo ndi kutumizidwa limodzi ndi pempho la linki. Makampani ena amaitchula `tx_ref`. Musafananitse malipiro ndi munthu pogwiritsa ntchito dzina kapena nambala ya foni. A Banda alipo ambiri, ndipo wophunzira amalembetsa ndi nambala yake koma wolipira n'kukhala amalume ake.

Chachitatu, webuhuku musaikhulupirire yokha. Aliyense wodziwa adiresi yanu angathe kutumiza uthenga wabodza wonena kuti `KOSI-0047` walipira. Njira imene mwasankha iyenera kutha kubwerera ku kampani yolandira ndalama n'kufunsa ngati malipirowo apitadi, ndi ndalama zingati, komanso ngati zili m'makwacha. Komanso makampaniwa amatumizanso uthenga womwewo ngati sanalandire yankho msanga, choncho uthenga umodzi ukhoza kufika kawiri kapena katatu.

Chachinayi, chomwe ambiri amachiiwala: zikadzaima Loweruka madzulo, adzakonze ndani? Yankho la funso limeneli limalemera kuposa mtengo.

Zapier

*Mtengo.* Zapier imawerengera chilichonse chimene yakuchitirani bwinobwino, ndipo imachitchula `task`. Choyambitsa ntchito sichiwerengedwa. Pa chitsanzo chathu, munthu akalembetsa pamachitika zinthu 3: kupempha linki, kuilemba m'tebulo, kutumiza imelo. Akalipira pamachitika 4: kutsimikiza malipiro, kufufuza mzere wake, kuusintha, kutumiza risiti. Anthu 120 kuchulukitsa ndi 3 ndi 360, ndipo 90 kuchulukitsa ndi 4 ndi 360, zonse pamodzi 720 pa mwezi. Pulani yaulere ili ndi 100 zokha ndipo imalola masitepe awiri okha, kotero sikwanira n'komwe. Pulani yolipira yotsikitsitsa ndi pafupifupi madola 20 pa mwezi mukalipira chaka chonse nthawi imodzi, ndipo imayambira pa 750. Mwangotsala ndi 30. Mwezi wa Januwale anthu akachuluka, mwadutsa malire.

*Kupezeka.* Imagwira pa kompyuta iliyonse yokhala ndi intaneti, ndipo ntchito imachitikira pa maseva awo, choncho magetsi akazima ku ofesi kwanu zinthu zimayendabe. Chovuta ndi kulipira. Pafunika khadi yololedwa kugula kunja m'madola, ndipo aliyense amene amachita malonda ku Malawi akudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira kupeza. Mtengo wake m'makwacha sukhalanso pamodzi: mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Musanalipire, fufuzani dzina la kampani yanu yolandira ndalama pa mndandanda wa mapulogalamu a Zapier. Ngati palibe, mudzadalira Webhooks by Zapier, imene imapezeka pa pulani yolipira yokha.

*Kusamalira.* Apa ndi pamene Zapier imapambana. Mlembi wa pa ofesi wodziwa bwino matebulo angathe kutsegula mbiri ya ntchito, kuona sitepe imene yalephera, n'kuiyendetsanso. Zimene zimaiononga kawirikawiri ndi manja a anthu m'tebulo. Wina akasintha mutu wa danga, akalowetsa danga latsopano pakati, kapena akasanja mizere motsatira mayina pamene Zapier ikudikira mizere yatsopano pansi, imatha kudumpha anthu ena kapena kutumizira ena imelo kachiwiri. Mankhwala ake ndi kutseka tsamba limene fomu imalembamo kuti munthu asaligwire, n'kupanga tsamba lina logwirirapo ntchito.

*Zoopsa.* Khadi ikakanidwa, akaunti imatsika ndipo ntchito za masitepe ambiri zimaima. Kuyesa siginecha ya webuhuku, chidindo chotsimikiza kuti uthenga wachokeradi ku kampaniyo, kumafuna `Catch Raw Hook` ndi sitepe ya Code by Zapier, kutanthauza kuti khodi mwaithawa ija mwakumana nayonso. Vuto lina ndi la mauthenga obwera kawiri. Mukhoza kuika sefa yonena kuti "pitiriza pokhapokha mzerewu sunalembedwe kuti walipira", ndipo nthawi zambiri imagwira. Koma mauthenga awiri akafika mphindi yomweyo, onse amawerenga mzerewo usanasinthidwe, onse n'kudutsa. Ngati chotsatira chake ndi risiti yobwera kawiri, si nkhani. Ngati ndi kuwonjezera ndalama pa akaunti ya munthu, mwaluza.

Make

*Mtengo.* Pa Make sitepe iliyonse ndi bokosi, ndipo imawerengera bokosi lililonse limene layenda, kuphatikizapo loyambitsa. Pa chitsanzo chathu kulembetsa kumadya 4 ndipo kulipira kumadya 5: 480 kuwonjezera 450, zonse 930. Pulani yaulere imapereka 1,000 pa mwezi, ndiye poyang'ana koyamba zikuoneka ngati mwakwanira osalipira kanthu. Msampha wake uli apa. Ngati bokosi loyamba ndi lija lokasuzumira m'tebulo kuona ngati mwabwera mzere watsopano, kusuzumira kulikonse kumawerengedwa ngakhale lisapeze kanthu. Likamasuzumira mphindi 15 zilizonse, pa tsiku ndi ka 96, pa mwezi wa masiku 30 ndi 2,880. Mwamaliza gawo lanu laulere pasanathe masiku 11 osalembetsa ndi munthu mmodzi yemwe. Kuti mupewe zimenezi, fomu izitumiza yokha webuhuku munthu akangodina batani. Amene amagwiritsa ntchito KoboToolbox ali nazo kale pa `REST Services`. Pa Google Forms pamafunika timizere tochepa ta khodi ya Apps Script, chida cha Google cholembera masikiripiti. Mukafuna kulipira, pulani yotsikitsitsa ndi pafupifupi madola 10 pa mwezi ndipo imapereka 10,000.

*Kupezeka.* Nkhani ya khadi ndi madola ndi yomweyo, kungoti ndalama zake n'zochepa. Chabwino n'chakuti bokosi la Webhooks ndi la HTTP alipo ngakhale pa pulani yaulere, choncho kampani iliyonse yolandira ndalama imene ili ndi API, khomo limene mapulogalamu amalankhulirana nalo, mungathe kuilumikiza. Pulani yaulere imalola ntchito ziwiri zokha kukhala zoyatsidwa nthawi imodzi, ndipo chitsanzo chathu chikufuna ziwiri ndendende.

*Kusamalira.* Make ndi yovutirapo kuphunzira kuposa Zapier. Munthu ayenera kumvetsa kuti JSON n'chiyani, kuti kiyi yachinsinsi imaikidwa pati pa pempho la HTTP, ndi kuti yankho la 401 likusiyana bwanji ndi la 500. Kunena zoona, amene wafika pomvetsa zimenezi watsala pang'ono kulemba Python. Phindu lake n'lakuti chithunzi cha ntchito yonse chimaoneka pa sikirini, ndipo wobwera pambuyo angathe kutsatira mizere n'kudziwa chimene chikuchitika ngakhale wopanga uja atachoka.

*Zoopsa.* Ntchito ikalephera, Make imatha kuizimitsa yokha n'kutumiza chenjezo pa imelo. Ngati imeloyo ndi ya munthu amene anasiya ntchito, mudzadziwa ophunzira akayamba kuimba foni kufunsa marisiti. Pa mauthenga obwera kawiri, Make ili ndi chothandiza: `Data store`, malo ake osungiramo zolembedwa. Mukasunga nambala ya malipiro ngati kiyi, n'kuletsa kuti zolembedwa kale zisalembedwenso pamwamba, uthenga wachiwiri umakanidwa. Koma izi muyenera kuzimanga nokha, ndipo bokosi limenelo likuwonjezera 90 pa mwezi, kukufikitsani pa 1,020, kupyola malire aulere.

Palinso n8n, imene imafanana ndi Make m'maonekedwe koma mungathe kuiika pa seva yanu popanda kulipira laisensi pa ntchito za mkati mwa bizinesi yanu. Imachotsa nkhawa yowerenga masitepe, koma imakusenzetsani katundu yense wa seva amene tikumufotokoza m'munsimu.

Kasikiripiti ka Python

*Mtengo.* Python, Flask yolandirira webuhuku ndi `gspread` yolembera m'tebulo n'zaulere, ndipo kulemba m'tebulo kudzera pa Google Sheets API sikulipitsidwa pa mlingo ngati uwu. Ndalama zimapita pa zinthu ziwiri: malo oyendetserapo sikiripiti, ndi nthawi ya wolemba. Kaseva kakang'ono kobwereka kamakhala pakati pa madola 4 ndi 6 pa mwezi, ndipo mtengowo susintha kaya olembetsa ndi 120 kaya 3,000. Sikiripiti yake si yaitali, mizere 100 kapena 150 ikhoza kukwana, koma wolemba wodziwa ntchito adzatha masiku angapo poiyesa, ndipo masiku amenewo muwawerengere ngati mtengo.

*Kupezeka.* Webuhuku imafuna adiresi ya `https` yopezeka usana ndi usiku. Laputopu ya pa ofesi siyenera ntchito imeneyi: magetsi akazima kapena bandulo ikatha, uthenga wa malipiro umafika pa khomo lotseka. Malo aulere alipo koma ali ndi malire amene amakhudza ndalama mwachindunji. Pa Render, pulogalamu yaulere imagona ikakhala mphindi 15 osalandira pempho, ndipo podzuka imachedwa mpaka kampani yotumiza uthenga ikhoza kuona ngati simunayankhe. Pa PythonAnywhere, akaunti yaulere imangolankhula ndi maadiresi amene ali pa mndandanda wololedwa, choncho onani kaye ngati kampani yanu ilipo. Seva yobwereka kunja imafunanso khadi ya madola, ngakhale kuti ndalama zake n'zochepa.

*Kusamalira.* Kuti sikiripiti ilembe m'tebulo, mumapanga `service account` pa Google Cloud, kutsitsa fayilo yake ya kiyi, kenako kugawana tebulo ndi imelo imene yalembedwa pa `client_email` m'fayiloyo. Sitepe yomalizayi ndi imene ambiri amaiiwala, ndipo `gspread` imangonena kuti `SpreadsheetNotFound` ngakhale tebulo lilipo. Google imalola mapempho owerenga 60 pa mphindi kwa wogwiritsa ntchito mmodzi. Sikiripiti yowerenga danga limodzilimodzi pa mizere 120 imagunda malire amenewa n'kulandira yankho lokana la 429. Werengani tebulo lonse kamodzi ndi `get_all_values()`, fufuzani mzere mkati mwa Python, ndipo mulembe kamodzi.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kamasokoneza manambala athu a foni. Nambala yoyamba ndi 099 kapena 088 ikalembedwa m'tebulo ngati nambala wamba, ziro wa kutsogolo amasowa, ndipo yoyamba ndi +265 imataya chizindikiro cha +. Pa Python mumasankha `RAW` m'malo mwa `USER_ENTERED`, mawuwo n'kulowa monga alili. Vutoli limapezekanso pa Zapier ndi Make, kumene mumalithetsa posandutsa danga lonse kukhala `Plain text`.

Kupatula apo, seva imafuna munthu: kuika zosintha za chitetezo, kuonetsetsa kuti satifiketi ya Let's Encrypt, imene imatha pa masiku 90, ikudzikonzanso yokha, ndi kuika sikiripiti pansi pa `systemd` kuti seva ikazima n'kuyakanso, nayonso iyambe. Palibe amene adzakutumizireni chenjezo ngati simunalimange nokha.

*Zoopsa.* Pa nkhani ya ndalama, Python ndi imene imakulolani kutseka mabowo onse mosavuta. Makampani ambiri amasaina webuhuku ndi HMAC, ndipo kuyesa siginechayo ndi mizere yochepa:

```python
import hashlib
import hmac

def siginecha_ndi_yoona(thupi, yobwera, chinsinsi):
    yathu = hmac.new(chinsinsi.encode(), thupi, hashlib.sha256).hexdigest()
    return hmac.compare_digest(yathu, yobwera)
```

Chenjerani kuti `thupi` likhale uthenga monga wafikira, wotengedwa ndi `request.get_data()`. Mukaumasula kaye kukhala JSON n'kuubwezanso, mipata ndi dongosolo la mawu zimasintha, ndipo siginecha yoona imakanidwa nthawi zonse. Dzina la malo amene siginecha imabwerera limasiyana malinga ndi kampani, ndiye litengeni m'malangizo awo.

Mauthenga obwera kawiri amathetsedwa ndi kafayilo ka SQLite:

```sql
CREATE TABLE malipiro (tx_ref TEXT PRIMARY KEY, ndalama INTEGER);
INSERT OR IGNORE INTO malipiro VALUES ('KOSI-0047', 45000);
```

Uthenga woyamba umalowa. Wachiwiri umapeza nambalayo ilipo kale, `rowcount` n'kukhala 0, ndipo sikiripiti imangoyankha 200 osachitanso kanthu. Ngakhale atafika mphindi yomweyo, SQLite imalola mmodzi yekha. Dongosolo labwino ndi ili: yesani siginecha, funsani kampani ngati malipiro apitadi, onani ngati ndalama zikukwana 45000, lembani mu SQLite, kenako m'tebulo. Wina akalipira K4,500 m'malo mwa K45,000, mzere wake ulembedwe kuti "zosakwana", osati "walipira". Ndipo chifukwa Google ikhoza kukana pa nthawi imene SQLite yalemba kale, ikani kantchito ka `cron` koyenda usiku uliwonse kufananitsa ziwirizi n'kudzaza mizere yotsala.

Choopsa chachikulu cha Python ndi kudalira munthu mmodzi. Mnyamata wolemba sikiripiti akapita ku Joni kapena akapeza ntchito ina, pasiwedi ya seva ili m'mutu mwake, bizinesi imatsala ndi chinthu chimene palibe angachitsegule. Choncho akaunti ya seva, ya Google Cloud ndi ya kampani yolandira ndalama zikhale m'dzina la bizinesi kuyambira tsiku loyamba, khodi isungidwe pa GitHub ya bizinesi, ndipo pakhale tsamba limodzi lofotokoza mmene amaiyatsira. Makiyi achinsinsi asalowe mu khodi imene yapita pa GitHub. Aikeni m'fayilo ya `.env` yotsala pa seva.

Mwina mukufunsa za Apps Script, popeza ili kale mkati mwa Google Sheets, ndi yaulere ndipo safuna seva. Pa mbali ya fomu ndi yabwino ndithu, bola mukumbukire kuti akaunti wamba ya Gmail imatumiza maimelo kwa anthu 100 okha pa tsiku kudzera mmenemo. Pa mbali ya malipiro ili ndi chilema: `doPost` siona mitu ya pempho, kumene siginecha imakhala, choncho mumangodalira kubwerera ku kampani kukafunsa.

Njira iliyonse imene mungatenge, mayina ndi manambala a anthu akudutsa pa makompyuta a makampani ena, ndipo Malawi ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024. Tumizani zokhazo zofunika pa sitepe imeneyo. Kupempha linki yolipirira sikufuna nambala ya chitupa cha unzika.

Iti ikuyenera ndani

Ngati anthu amalipira potumiza ku nambala ya foni ndipo sapitirira 30 kapena 40 pa mwezi, musagule chilichonse. Ikani funso pa fomu lofunsa nambala ya meseji ya malipiro, gwiritsani ntchito `COUNTIF` kuti muone ngati nambala ina yalembedwa kawiri, ndipo munthu mmodzi azifananitsa ndi sitetimenti madzulo aliwonse.

Ngati ntchito ndi ya nthawi imodzi, monga kulembetsa anthu a msonkhano kwa milungu itatu, ndipo pa ofesi palibe wodziwa khodi koma khadi ya madola ilipo, lipirani Zapier mwezi umodzi n'kuisiya mukamaliza. Pulani ya mwezi umodzi imadula kuposa madola 20 aja, komabe n'zotsika poyerekeza ndi kulemba munthu ganyu ya sikiripiti yodzagwira ntchito masiku 21.

Malo ophunzitsira a chitsanzo chathu, okhala ndi anthu 120 mwezi ndi mwezi komanso wogwira ntchito mmodzi wochangamuka pa kompyuta, ayambe ndi Make, alipire pulani yotsikitsitsa kuti asamawerengere masitepe ndi mantha, aike `Data store` ndi sitepe yotsimikiza malipiro, ndipo machenjezo azipita ku imelo ya ofesi imene anthu awiri amaiwerenga.

Ngati olipira afika mazana angapo, kapena amalipira pang'onopang'ono moti pafunika kuwerengera ngongole yotsala, kapena malipiro amatsegula chinthu chimene simungachibweze monga tikiti kapena katundu, mbali ya ndalama ikhale pa Python. Chitani zimenezi pokhapokha muli ndi wolemba khodi amene mwagwirizana naye za kusamalira mwezi ndi mwezi, komanso wachiwiri amene anayeserapo kuyatsa sikiripitiyo potsatira tsamba la malangizo lija. Mbali ya fomu ndi maimelo olandira anthu mukhoza kuisiya pa Make kapena Apps Script, kuti mlembi azitha kusintha mawu a imelo popanda kuitana wolemba khodi.